Mpanda wa njerwa: ndalama zambiri zipite pansi ndi m'mapilala

Amalonda ambiri akapeza kangachepe amayamba ndi mpanda kuti matabwa, makala kapena chimanga chizigona motetezeka. Koma chaka ndi chaka mvula yoyamba ikabwera ndi mphepo, timaona mipanda itagona chagada, ina isanathe ndi miyezi 6 yomwe. Mpanda ukagwa simutaya njerwa zokha. Katundu amakhala pamtetete, ndipo ukagwera mwana wa aneba kapena kasitomala, mlandu ndi wanu. Sabata ino tiwerengera limodzi mpanda wautali mamita 30, wokwera mita 1.8, womangidwa ndi mabuloko a simenti okhuthala masentimita 15.

Chimene mphepo imachita

Khoma la nyumba limagwirana ndi makoma ena komanso denga. Mpanda umaima wokha, ndipo mphepo imaukankha ngati thanga la bwato.

Mphepo yamkuntho yothamanga makilomita 110 pa ola imakankha malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu pafupifupi 60. Mpanda wathu uli ndi malo oterowo 54. Ndiye kuti mphepo ikauomba maso ndi maso, zili ngati makilogalamu oposa 3,000 akuukankha cham'mbali, kulemera kwa matumba a simenti 65.

Khoma lopanda zitsulo limadalira kulemera kwake ndi kukhuthala kwake basi, chifukwa matope a simenti sachedwa kulekana ndi njerwa akakokedwa. Khoma la njerwa ziwiri mulifupi limalimba kanayi kuposa la njerwa imodzi, popeza kulemera kwawirikiza ndiponso phazi loimapo lawirikiza. N'chifukwa chake mpanda wa njerwa imodzi wofika m'mutu mwa munthu sungaime wopanda mapilala. Kumbukiraninso kuti chikwangwani cha bizinesi kapena malata omwe mungakhome pamwamba pa mpanda amawonjezera thanga lija pamalo pomwe mphepo imagwetsera mosavuta.

Mapilala

Ntchito ya pilala ndi kulandira mphamvu ya mphepo kuchokera ku khoma n'kuitsitsira m'nthaka. Pa mpanda wathu, mapilala atalikirane osaposa mamita 3, ndipo pakona iliyonse ndi mbali zonse za geti pakhale pilala.

Pilala lililonse likhale la konkire, masentimita 23 mbali zonse, lokhala ndi zitsulo zinayi za mamilimita 12, zomwe kuhadiweya amazitcha Y12. Zitsulozi zimangidwe ndi malingi a chitsulo chaching'ono pa masentimita 20 alionse. Kuwerengera kwake n'kosavuta: chitsulo chimodzi cha mamita 12 mukachidula panayi chimakwana pilala limodzi.

Apa ndi pomwe eni mipanda ambiri amaberedwa. Zitsulo ziyenera kuyambira pansi m'maziko, zitapindidwa phazi la masentimita 30 n'kuthiridwa konkire pamodzi ndi mazikowo. Chitsulo chongozika pamwamba konkire itauma sichigwira kanthu, ndipo pilala lotero limathyokera m'tsinde. Tsiku lothira maziko tsekani kaye okala, mukaone ndi maso anu. Khoma nalo lilumikizane ndi pilala: waya wa burikifosi ayalidwe pa mzere wachiwiri uliwonse wa mabuloko, nsonga zake zilowe m'pilala konkire isanathiridwe.

Mpata wopumira

Khoma limayenda ngakhale maso saona. Dzuwa la mu Okotobala likaliwotcha limafutukuka, usiku wa mu Juni limafupika. Pa mamita 30, kusiyana kwa kutentha kwa madigiri 30 kumasuntha khoma pafupifupi sentimita imodzi. Mabuloko a simenti amafotanso akamauma, makamaka ogulidwa asanakhwime, pomwe njerwa zootcha zimafufuma pang'onopang'ono zikamamwa chinyezi. Khoma likasowa poyendera limadzing'ambira lokha mpata pomwe lafuna.

Mankhwala ake ndi kulidula dala. Pa mabuloko a simenti siyani mpata wa sentimita imodzi pa mamita 6 alionse. Pa njerwa zootcha mutha kufika mamita 10 kapena 12. Mpanda wathu ugawika zigawo 5 zokhala ndi mipata 4. Pampata uliwonse pamaima mapilala awiri moyandikana, lililonse litagwira chigawo chake. Motero mapilala onse akhala 15, osati 11, ndipo zitsulo za Y12 zifunika 15.

Mpatawu uyambire pamwamba pa konkire ya maziko mpaka pamutu pa khoma. Burikifosi asadutsepo, pulasitala asatsekepo. Mkati mwake muikemo chinthu chofewa, monga zoyera zija zimatetezera mafiriji ndi mawayilesi m'makatoni. Mmisiri akautseka ndi matope a simenti kuti khoma lioneke bwino, mpatawo wafa, ndipo ndalama za mapilala 4 owonjezera aja zapita m'madzi.

Maziko

Dothi lapamwamba, lakuda ndi la mizu, limafewa mvula ikagwa. Kumbani mpaka mupeze dothi lolimba lomwe piki ikuvutika nalo. Pa katondo wouma ngati wa madera ambiri a Lilongwe, ngalande ikhale yakuya masentimita 60 kapena kuposa, mulifupi masentimita 60. Pansi pake thirani konkire yokhuthala masentimita 20. Pomwe paime pilala kulitsani dzenje lifike masentimita 80 mbali zonse, ndipo mulizamitseko ndi masentimita 10 kuti konkire yake ikhuthale masentimita 30. Pomwe pali mapilala awiri, onse aime pa phazi limodzi lotalikirapo.

Dothi la makande, lopezeka m'madambo, ku Phalombe ndi m'chigwa cha Shire, ndi nkhani ina. Mulidziwa ndi ming'alu yake ya m'chilimwe ndi kumata kwake m'dzinja. Limafufuma likanyowa, limafota likauma, ndipo limanyamula maziko n'kuwagwetsa chaka ndi chaka. Pamenepo kumbani mita imodzi kapena kuposa, kufika pomwe chinyezi sichisinthasintha, ndipo m'konkire ya maziko muyalemo zitsulo mulitali. Pamalo pomwe kale panali dzala kapena dzenje loumbira njerwa, dutsani zokwirirazo zonse mpaka mupeze nthaka yeniyeni.

Pamalo otsetsereka musapendeketse maziko motsata phiri. Akumbidwe ngati masitepe, sitepe iliyonse yofanana ndi msinkhu wa buloko, pansi pake pali thyathyathya.

Kasakanizidwe kayezedwe ndi chidebe chimodzi chomwecho, osati fosholo. Konkire ya ngalande: chidebe chimodzi cha simenti, zitatu za mchenga wa kumtsinje, 6 za kwale. Ya mapilala ndi mapazi ake: chimodzi cha simenti, ziwiri za mchenga, zinayi za kwale. Thirirani madzi kwa masiku 7, chifukwa konkire youma msanga padzuwa imafumbutuka.

Dothi ndi madzi kuseri kwa khoma

Ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni ndi m'mapiri ena a Blantyre, mipanda yambiri imakhala ndi dothi lokwera mbali imodzi. Khoma lotero lasanduka chotchinga dothi, ndipo mphepo imaomba n'kuleka koma dothi silipuma.

Dothi lokwera theka la mita limakankha mita iliyonse ya khoma ndi makilogalamu pafupifupi 75. Likafika mita yathunthu mphamvuyo siwirikiza kawiri, imawirikiza kanayi, kufika 300. Dothilo likakhuta madzi osowa kotulukira, mphamvu imaposa 600. Ichi n'chifukwa chake pa mvula yamasiku ambiri, ngati ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, makoma a m'malo otsetsereka ndi omwe amakhala pachiopsezo kwambiri.

Choncho madzi apatseni njira. M'munsi mwa khoma, pamwamba pang'ono pa nthaka ya mbali yotsika, ikani timapaipi tapulasitiki ta masentimita 5 pa mita iliyonse. Kuseri kwake thirani kwale kapena miyala ing'onoing'ono kuti dothi lisatseke mabowo. Kumtunda kumbani ngalande yopatutsa madzi, ndipo pomwe madzi a mvula amadutsa kale siyani chibowo chachikulu chotchinga ndi zitsulo. Mbali ya khoma yomwe yagwira dothi ikhuthale kawiri. Dothi likafika mita imodzi, miyezo ya m'nkhani ino siikwananso, pezani injiniya akujambulireni.

Inu ogulitsa mchenga, kwale, nkhuni ndi matumba a chimanga, mulu wotsamira mpanda umakankha chimodzimodzi ndi dothi. Siyani kanjira pakati pa katundu ndi khoma.

Zogula

Mizere ya mabuloko ikhala 11: iwiri yokwiririka ndi 9 yoonekera. Mukachotsa malo a mapilala n'kuwonjezera osweka panjira, mabuloko afunika pafupifupi 770. Konkire ya ngalande idya matumba a simenti pafupifupi 16, ya mapilala ndi mapazi ake pafupifupi 25, kupatula yomangira mabuloko. Chulukitsani ndi mitengo ya sabata ino musanagwirizane ndi mmisiri. Akakuuzani kuti konkire yonseyi ikwana ndi matumba 20, dziwani kuti pena pake pachepetsedwa, ndipo kawirikawiri ndi pansi pomwe simudzaonanso.

Buloko labwino limakhala litakhwima milungu inayi, ndipo silifumbutuka mukalikanda ndi msomali. Ndalama zikachepa, malizani chigawo chimodzi cha mamita 6 ndi maziko ndi mapilala ake onse, china chidikire phindu la mwezi wamawa. Mipata yopumira ija imalola kumanga motero popanda kuononga kanthu. Musanakumbe, pezani mabikoni a poloti yanu ndipo mufunse kukhonsolo za chilolezo.

Kuwerenga ming'alu

Ngati mpanda ulipo kale, uyendereni mvula isanayambe. Mng'alu woongoka wochoka pamwamba kutsika pansi umasonyeza kuti khoma linasowa mpata wopumira, ndipo mmisiri atha kudulapo mpata weniweni n'kulimbitsa mbali zonse. Mng'alu wokwera ngati masitepe motsata matope ukutanthauza kuti maziko akutitimira mbali imodzi. Kumata pulasitala pamenepo n'kutaya simenti, yambani mwaona komwe madzi akulowera pansi.

Woopsa kwambiri ndi mng'alu wogona, woyenda m'munsi mwa khoma, chifukwa umasonyeza kuti khoma layamba kupendama. Mangirirani mwala kuchingwe, muchigwire pamutu pa khoma mbali yomwe lapendamira. Ngati m'munsi chingwe chatalikira khoma ndi zala ziwiri kapena kuposa, chotsanipo benchi, katundu ndi ana lero lomwe, ndipo chigawo chimenecho muchigwetse nokha mphepo isanakugwetsereni.