Phunziro: Kalembedwe ka Kalata Yodandaula Ndalama za Mtukula Pakhomo Zikapanda Kufika

Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo inayamba m'chaka cha 2006 m'boma la Mchinji, ndipo lero ikuchitika m'maboma onse 28 a dziko lino. Imathandiza mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwirira ntchito: agogo olera ana amasiye, odwala matenda amgonagona, aulumali ndi ana odzilera okha. Pakhomo lotere ndalama zikaphonya miyezi iwiri yokha, ufa umatha ndipo mwana amayamba kujomba kusukulu. Phunziro lino likufotokoza mmene anthu a ku Nkhudzi ndi midzi yoyandikana nayo angalembere ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku Khonsolo ya Mangochi kalata yoti ogwira ntchito athe kuitsatira.

Musanagwire cholembera, funsani anzanu olandira nawo funso limodzi: kodi inu mwalandira? Ngati mudzi wonse sunalandire, ndiye kuti malipiro angochedwa, ndipo dzina lanu lilibe vuto. Apa makalata makumi atatu sangafulumizitse kanthu. Nkwabwino kuti komiti ya Mtukula Pakhomo ya m'dera ikafunse m'malo mwa onse. Koma ngati anzanu alandira, inu nokha mwabwera chimanjamanja, chilipo chimene chalakwika pa kaundula wa banja lanu, ndipo sichidzakonzeka chokha.

Kawirikawiri gwero lake limapezeka pa wolandira. Ndalama zimalembedwa m'dzina la munthu mmodzi pakhomo. Munthuyo akamwalira, akagonekedwa m'chipatala, kapena banja likasamukira kudooko lina kutsata usodzi popanda kudziwitsa komiti, malipiro amasokonekera. Pena dzina lolembedwa pa kaundula limasiyana ndi la pa chiphaso cha unzika: kuno mayi angadziwike ndi dzina la mwamuna wake pamene pa chiphaso pali la bambo ake, ndipo kwa wolipira amenewo ndi anthu awiri. Kwa olandirira pa lamya vuto limakhalanso pa nambala: khadi ya lamya inatayika, inatsekedwa, kapena inalembetsedwa pa chiphaso cha mdzukulu. Palinso chifukwa chowawa kumva: pakachitika kalembera watsopano, banja likhoza kuchotsedwa m'ndondomeko. Pamenepo kupempha ndalama zotsalira sikuthandiza; chopempha ndi chifukwa chimene banja linachotsedwera, ndi kuti liunikidwenso.

Poyambira ndi kwa komiti ya m'dera. Afotokozereni, ndipo lembani tsiku limene mwawauza ndi zimene ayankha. Kalata ya ku Boma imabwera pamene njira imeneyi yapanda kubala zipatso, ndipo imamveka bwino ikaonetsa kuti simunadumphe anthu a kwanu.

Tiyerekeze chitsanzo, banja ndi ziwerengero zake ndi zongophunzirira. Agogo ena a ku Nkhudzi akulera zidzukulu zinayi, zitatu mwa izo zili kupulayimale. Analandira komaliza mu Malichi ndalama zokwana K36,000, za Januwale ndi Febuluwale. Atadwala mu Epulo, lamya yawo inasowa kuchipatala, ndipo mdzukulu anawagulira khadi ya nambala ina. Anzawo alandira kawiri kuchokera pamenepo, za Malichi ndi Epulo, kenaka za Meyi ndi Juni. Agogo sanalandire kanthu.

Kuwerengera kwake nkosavuta. K36,000 ya miyezi iwiri ndi K18,000 pa mwezi. Miyezi yophonya ndi inayi, choncho zotsalira ndi K72,000. Taonani kuti tawerenga miyezi imene ndalama zimayimira, osati miyezi imene zinaperekedwa. Ambiri amasokoneza ziwirizi, nkumanena kuti analandira mu Malichi ngati kuti ndalama za Malichi anazidya kale. Kalata yawo ingalembedwe chonchi:

*Mudzi wa ……, Gulupu ……, Mfumu Yaikulu ……, Nkhudzi*
*Tsiku: ……*

*Kwa Mkulu wa Ofesi Yoona za Chisamaliro cha Anthu,*
*Khonsolo ya Boma la Mangochi.*

*Wolemekezeka,*

*DANDAULO: KUSALANDIRA NDALAMA ZA MTUKULA PAKHOMO ZA MALICHI MPAKA JUNI*

*Ine ……, mwini chiphaso cha unzika nambala ……, ndine wolandira wa banja la anthu asanu, nambala ya banja ……. Ndinalandira komaliza mu Malichi ndalama zokwana K36,000 za Januwale ndi Febuluwale. Anzanga a m'mudzi muno alandira kawiri kuchokera nthawi imeneyo, koma ine sindinalandire. Malinga ndi malipiro omalizawo, zotsalira ndi K72,000.*

*Lamya yanga ya nambala …… inatayika mu Epulo ndili m'chipatala. Tsopano ndili ndi nambala ……, yolembetsedwa m'dzina langa. Ndinadziwitsa komiti ya m'dera pa ……, koma mpaka lero vutoli silinathe.*

*Ndikupempha kuti mufufuze ngati ndalamazi zinatumizidwa ku nambala yakale, mukonze nambala yanga pa kaundula, ndipo mundipatse zotsalirazo. Ndaphatikiza makope a chiphaso changa cha unzika, chikalata cha Mtukula Pakhomo ndi tsamba la buku la kuchipatala.*

*Ine wanu,*
*…… (siginecha kapena chidindo cha chala)*
*Yalembedwa m'malo mwawo ndi ……*

Kalatayi ndi yaifupi dala. Wogwira ntchito akaitsegula afuna kupeza banja lanu pa kaundula, ndipo chimene chimamufikitsa pa inu ndi nambala ya banja pamodzi ndi dzina lolembedwa ndendende monga lilili pa chikalata. Mayina ofanana ndi ambiri m'boma lalikulu ngati la Mangochi. Kalata ya masamba atatu yolongosola njala ya pakhomo, koma yopanda nambala, imamvetsa chisoni osathandiza kanthu.

Pempho loyamba lija, lofufuza kumene ndalama zinapita, ndilo mtima wa nkhaniyi. Ngati ndalama sizinatumizidwe nkomwe, zikadali m'manja mwa ndondomeko ndipo nkhani ndi yokonza kaundula. Ngati zinatumizidwa ku nambala yakale, zikhoza kukhala zili momwemo, ndipo agogo angapite ndi chiphaso chawo ku kampani ya lamya kukatsitsimutsa nambalayo, bola ikhale kuti inalembetsedwa m'dzina lawo. Koma ngati zinatumizidwa ndipo wina anazitapa, imeneyo ndi nkhani ya kuba, yoyenera kukafikanso kupolisi. Nchifukwa chake si nzeru kulemba kuti wakutiwakuti wandibera musanadziwe. Lembani zimene munaona ndi masiku ake, ofufuza apeze okha mwini mlandu. Nambala yachinsinsi yotapira ndalama musailembe m'kalata, ndipo musauze aliyense, ngakhale amene akukulemberaniyo.

Kalata ya m'Chichewa ndi yokwanira. Mutu wa banja ngati sadziwa kulemba, wina amulembere, amuwerengere mokweza, kenaka mwiniyo adinde chala. Ngati wolandira anamwalira, alembe ndi amene watsala ndi anawo, aphatikize kalata ya amfumu yochitira umboni za imfayo, ndipo apemphe kuti dzina la wolandira lisinthidwe.

Konzani makalata awiri ofanana. Ina musiye ku ofesi, inayo wolandira kalata asayinepo ndi kulembapo tsiku, mubwerere nayo kunyumba. Ziphaso zenizeni musasiye. Siyani makope okha. Ulendo wochoka ku Nkhudzi kupita ku Boma umadya ndalama zimene banja lotere lilibe, choncho kalata ingathe kupita ndi membala wa komiti, mlangizi wa boma wa m'dera kapena khansala wa wodi, malinga abweze kope losayinidwa lija. Kudandaula nkwaulere, wofuna kangachepe kuti akufulumizitsireni nkhani mukamunene.

Malipiro otsatira akadutsa popanda yankho, lembaninso kalata yachikumbutso yotchula tsiku la kalata yoyamba, ndipo kope lake lipite kwa Bwanamkubwa wa boma la Mangochi. Kukakhalabe zii, ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo okhudza kusayenda bwino kwa ntchito m'maofesi a boma, ndipo kumeneko mudzapite ndi makope onse awiri osayinidwa aja.