Kumanga Sola pa Denga la Malata Popanda Kulidonthetsa

Kuzimazima kwa magetsi a ESCOM kwachititsa kuti mabanja ambiri ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri agule sola. Ambiri amaimanga m'chilimwe, denga lili gwa, ndipo amakhutira kuti ntchito yatheka. Vuto limaonekera mu Novembala kapena Disembala, mvula yoyamba ikagwa: siling'i yachita banga, madzi akudonthera pabedi. Kawirikawiri cholakwika chimakhala malo amene mwaboola, ndi chimene mwatsekera bowolo.

Boolani pamsana pa lata, pamene pali thabwa

Lata lili ndi misana ndi ngalande. Madzi onse a mvula amatsika kudzera m'ngalande, pamene pamsana pamangogwa madontho n'kutsetsereka. Bowo la m'ngalande limamizidwa ndi madzi mvula iliyonse, ndipo ngakhale mulimate bwanji lidzadontha tsiku lina. N'chifukwa chake akalipentala amakhoma misomali ya malata pamsana. Inunso chitani chimodzimodzi.

Koma si pamsana paliponse. Pansi pa bowolo payenera kukhala thabwa lopingasa lomwe malata anakhomedwapo. Kulipeza n'kosavuta: tsatani mzere wa misomali yakale, thabwa lili pansi pake. Malata ambiri a m'makomboni mwathu ndi a geji 30 kapena 32, opyapyala kwambiri moti sangagwire sikuluwu paokha. Mphepo ikalowa kunsi kwa sola imaikankhira m'mwamba n'kuisiya, kenanso n'kuikankha. Sikuluwu yongogwira lata imagwedezeka, bowo limakula pang'onopang'ono, madzi n'kupeza njira. Amene anaona mphepo ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, kapena mphepo za mkuntho zimene zimasasula madenga mvula ikamayamba, akudziwa kuti kutsindira sola ndi njerwa kapena kuimanga ndi waya n'kuika moyo wa ana osewera pabwalo pachiswe.

Musanakwere, lowani m'nyumba muyang'ane matabwawo. Ngati adyedwa ndi chiswe kapena afumbwa, sinthani kaye, chifukwa thabwa lofumbwa siligwira sikuluwu.

Chitsanzo: sola imodzi ya mawati 300

Titenge nyumba ya malata wamba a mizeremizere, ndi sola ya mawati pafupifupi 300. Sola yotereyi imatalika mita imodzi ndi theka n'kupitirirako pang'ono, m'lifupi mita imodzi, ndipo imalemera makilogalamu osachepera 18. Blantyre ali kummwera kwa ikweta pa madigiri pafupifupi 16, choncho sola iyang'ane kumpoto, yopendekeka madigiri 15 mpaka 20. Madenga ambiri ndi opendekeka kale chapamenepo, ndiye ngati mbali ina ya denga ikuyang'ana kumpoto, ingotsatani kupendekeka kwa dengalo. Pewani kumapeto kwa denga ndi m'makona, chifukwa mphepo imakoka mwamphamvu kumeneko. Siyani theka la mita kapena kuposerapo.

Mufunika mabulaketi anayi ooneka ngati chilembo cha L, awiri pathabwa lam'mwamba, awiri pathabwa lam'munsi. Pamabulaketiwo mumange zitsulo ziwiri zomwe sola idzakhalepo. Ngati mukufuna kuwotcheretsa felemu kwa amisiri a ku Ndirande kapena ku Limbe, yezani kaye kutalikirana kwa matabwa a denga lanu, kuti miyendo ya felemuyo igwere pamatabwa. Anthu ambiri amayamba ndi felemu, kenako n'kumaboola paliponse pamene mwendo wafika, ndipo kudontha kumayambira pomwepo. Felemu yachitsulo ipakidwe penti yoteteza dzimbiri isanakwere, apo ayi dzimbiri lake lidzatsikira palata n'kulidya. Pakati pa sola ndi lata pakhale mpata wa masentimita 10, kuti mphepo iziziziritsa sola komanso masamba asaunjikane n'kutseka ngalande.

Gwiritsani ntchito masikuluwu a denga okhala ndi washa ya chitsulo ndi labala yakuda pansi pake, osati misomali. Sikuluwu ilowe m'thabwa mamilimita osachepera 35. Msana wa lata wamba ndi wotalika mamilimita pafupifupi 18. Mukaonjezera bulaketi ndi labala, sikuluwu ya mamilimita 65 imakwana. Malata a IBR ali ndi misana italiitali, pafupifupi mamilimita 37, ndiye pamafunika ya mamilimita 90.

Lembani chizindikiro pakatikati pa msana, gogodani pang'ono ndi nsonga ya msomali kuti chobowolera chisaterereke, kenako boolani mowongoka. Pansi pa phazi la bulaketi ikani kachidutswa ka labala ya EPDM, imene siuma msanga ndi dzuwa. Chubu chakale cha galimoto chimathandiza pakasowa china, koma chimang'aluka msanga, choncho muzichiyendera chaka ndi chaka.

Apa ndi pamene pamafunika dzanja lodekha. Mangani mpaka labala ya washa itafinyika pang'ono, n'kusuzumira m'mbali mwa washa, basi lekani. Mukapitiriza, labala imaphwanyika ndipo msana wa lata umabonyoka n'kukhala kachithaphwi kosunga madzi pabowo penipeni. Mukalekeza panjira, washa imazungulira mukaigwira ndi chala, ndipo madzi amalowa pansi pake. Sikuluwu yolowa mopendama imafinya labala mbali imodzi yokha. Imeneyo itulutseni muyambirenso.

Za silikoni

Tikudziwa kuti amisiri ambiri amadalira silikoni, ndipo ena amaboola m'ngalande ponena kuti amata. Ife sitivomereza zimenezi. Lata limafutukuka masana ndi kukhwinyata usiku, ndipo silikoni yongopakidwa pamwamba imasiyana ndi lata mwakachetechete, madzi n'kumadutsa pansi pake pamwamba pakuoneka bwinobwino. Chotseka bowo ndi labala yofinyika. Silikoni ndi yongothandizira, ndipo malo ake ndi pansi pa phazi la bulaketi musanamange, palata louma ndi lopukutidwa. Inunkhizeni musanagule yambiri: imene imanunkha ngati viniga ili ndi asidi amene amadya chimene chimateteza lata ku dzimbiri. Funsani yopanda fungo limeneli, yoyenera malata.

Mukaphonya thabwa, musasiye bowolo kuti mudzatseka mawa. Litsekeni nthawi yomweyo ndi sikuluwu yaifupi yonenepa ya washa ya labala. Pomaliza sesani tizidutswa tonse ta chitsulo totuluka poboola, chifukwa tikanyowa timachita dzimbiri n'kuwononga lata.

Njira ya waya

Waya safunika bowo padenga. Mutsitseni m'paipi ya pulasitiki yomangidwa bwino, azungulire kumapeto kwa denga n'kulowa kudzera pakhoma, kunsi kwa khonde. Asanalowe pakhoma mupindeni alendewere pansi pang'ono, kuti madzi otsata waya azidonthera panja. Pomwe waya akukhudza mphepete yakuthwa ya lata payenera kutetezedwa, chifukwa mphepo imamupekesa mpaka kusupuka. Kulumikiza ku batire ndi ku magetsi a m'nyumba kusiyireni mmisiri wokhala ndi chilolezo cha MERA.

Kuyesa ntchito

Kwerani m'mawa, lata litauma mame koma lisanatenthe, ndipo pondani pamzere wa misomali pokha. Onetsetsani pamene padutsa waya wa ESCOM wolowa m'nyumba musananyamule chitsulo chilichonse. Ngati nyumba ndi ya lendi, gwirizanani kaye ndi eni ake musanaboole.

Mukatha, wina akhale m'kati ndi tochi, wina athire madzi ndi ndowa pabulaketi iliyonse, kuyambira yam'munsi kupita yam'mwamba, kuti mudziwe yomwe ikudontha. Kumbukirani kuti madzi amatha kuyenda m'thabwa n'kukadonthera patali ndi bowo, choncho tsatani chinyezi chokwera. M'nyengo ya chiperoni, mu Juni ndi Julayi, kunsi kwa malata kumachita thukuta m'mawa, madontho ali ponseponse. Kumeneko si kudontha. Kudontha kwenikweni kumabwerera malo amodzi, thabwa n'kuda mozungulira sikuluwu. Yenderani mabulaketi onse mu Okutobala chaka chilichonse, ndipo washa yomwe labala yake yang'aluka isinthidwe mvula isanagwe.