Wachiwiri akufuna kudziwa chifukwa: kalatayo ndiilembe bwanji?

Alangizi,

Ndine mphunzitsi ku Petauke, ndiponso mlembi wa kagulu ka achinyamata okonda kujambula. Tinachititsa mpikisano wa zithunzi wa anyamata ndi atsikana a kuno ndi a ku Nyimba, pa mutu wa mmene anthu akwathu amapezera chakudya cha tsiku ndi tsiku. Oweruza anali atatu. Nkhani ya m'chithunzi tinaipatsa malikisi 40, kuwala ndi kuoneka bwino 30, kayalidwe ka zinthu m'chithunzi 30. Woyamba anapeza 84. Ndi mtsikana wa ku Nyimba amene anajambula ndi foni mayi akupereka phava la nthochi pawindo la basi. Wachiwiri anapeza 81 ndi chithunzi cha ovina pa mwambo wa Tuwimba, chojambulidwa ndi kamera yodula. Wachitatu anapeza 73 ndi ngolo yodzaza thonje dzuwa likulowa. Chithunzi chimodzi tinachichotsa chifukwa mwini wake anafufutamo mtengo wa magetsi. Tsopano wachiwiriyo akuti tinakondera, popeza mmodzi wa oweruza amaphunzitsa pasukulu ya wopambanayo. Komiti yandituma kulembera onse kalata yofotokoza. Ndayamba katatu, katatu konse ndang'amba pepala. Ndithandizeni.

Mphunzitsi wothedwa nzeru, Petauke

Aphunzitsi,

Ndikuganiza kuti mapepala atatu aja munang'amba chifukwa mumalemba kalata yotonthoza. Mnyamata wachiwiriyo sakufuna kupukutidwa misozi. Akufuna kudziwa kumene kunapita malikisi atatu amene amusiyanitsa ndi mnzake, ndipo kalata yanu ikalephera kumulozera malo ake m'chithunzi, adzatsala ndi yankho limene ali nalo kale, loti munakondera.

Musanagwire cholembera, tengani mapepala a oweruza onse atatu, muyale malikisi a zithunzi ziwirizo chigawo ndi chigawo. Simunanditumizire, choncho ndiyerekeza. Tinene kuti cha nthochi chinapeza 36 pa nkhani, 21 pa kuwala ndi 27 pa kayalidwe, zonse pamodzi 84. Cha Tuwimba chinapeza 26, 29 ndi 26, pamodzi 81. Mukayala chonchi kalata yadzilemba theka. Pa kuwala mnyamatayo anaposa mtsikanayo ndi malikisi 8, ndipo kalata inene zimenezo poyera, chifukwa n'zoona ndipo iye akudziwa. Pa kayalidwe anangosiyana ndi limodzi. Pamene anagwera ndi pa nkhani, pomwe anatsalira m'mbuyo ndi 10.

Apa ndiye pofunika kufatsa. Mutu wanu unali wa mmene anthu amapezera chakudya. Aliyense amene anayendapo pa msewu waukulu wa ku Lusaka basi n'kuima pa Nyimba akudziwa zimene zimachitika: amayi amathamangira kumawindo nthochi zili pamutu, ndipo malonda amatha m'kanthawi kochepa injini ikulira. Ngati mtsikanayo anagwira dzanja lopereka phava ndi dzanja lotulutsa ndalama zili m'malere zisanakumane, ndiye kuti wayankha funso lanu popanda mawu. Tuwimba ndi mwambo wolemekezeka wa Ansenga a kwa mfumu yaikulu Kalindawalo, ndipo ovina ake amakoma m'maso. Koma woona chithunzicho afunika wina womufotokozera kuti chikugwirizana bwanji ndi chakudya. Oweruza amaweruza zimene zili mkati mwa chithunzi, osati zimene wojambula anali nazo m'mutu.

Ndime ya wachiwiriyo ingamveke motere: "Chithunzi chanu ndicho chinaposa zonse pa kuwala ndi kuoneka bwino. Nkhope za ovina zikuoneka mpaka thukuta, ndipo munapeza 29 pa 30. Pa nkhani munapeza 26 pa 40, chifukwa oweruza anaona gule koma sanaone ntchito kapena chakudya, zomwe mutu wa mpikisano unafunsa. Chithunzi choyamba chinachepa kwa chanu pa kuwala, koma chinakuposani ndi malikisi 10 pa nkhani, ndipo nkhani ndiyo inali ndi malikisi ambiri monga tinalengezera poyamba." Onani kuti mulibe mawu akuti "chokongola" kapena "chogwira mtima". Mawu otere sangatsutsidwe, komanso saphunzitsa kanthu. Chiganizo chilichonse chikhale choti mnyamatayo angathe kutenga chithunzi chake n'kuika chala pamene mukunenapo.

Pali msampha umodzi. Musawonjezere chifukwa chimene sichinali m'malamulo amene munalengeza. Mwina pamsonkhano woweruza wina ananena kuti ndi bwino kulimbikitsa mwana wa foni kusiyana ndi wa kamera yodula. Ngati zimenezo sizinali m'malamulo, sizinayenere kulowa m'malikisi, ndipo zikalowa m'kalata mwampatsa mnyamatayo mlandu weniweni. Lembani malamulo atatu aja pamwamba pa kalata ndi malikisi ake, monga anthu anawamvera tsiku loyamba, ndipo chifukwa chilichonse chichokere pamenepo.

Tsopano za woweruza uja. Musazibise, pakuti ku Petauke ndi ku Nyimba zikudziwika kale. Chitani masamu. Tinene kuti pa chithunzi cha nthochi oweruza anapereka 83, 82 ndi 87, pa cha Tuwimba 81, 82 ndi 80, ndipo wokayikiridwayo ndi wachitatu. Mukachotsa malikisi ake, cha nthochi chikutsala ndi 82.5, cha Tuwimba 81.5. Mpata wachepa kuchoka pa atatu kufika pa limodzi, koma woyamba ndi yemwe uja. Zikatuluka chonchi, lembani momwemo: kuti woweruza mmodzi amaphunzitsa pasukulu ya wopambana, kuti munawerengeranso popanda iye, ndipo mndandanda sunasinthe. Koma mukachotsa malikisi ake n'kupeza kuti wachiwiri wakwera pamwamba, siyani kalata, itanani komiti. Pamenepo chofunika ndi woweruza wina wakunja woti aone zithunzi ziwirizo popanda maina, kapena kugawa malo oyamba pawiri. Nenaninso zoona ngati oweruza ankaona maina a ojambula. Ngati ankawaona, vomerani kuti kunali kulakwitsa, ndipo chaka chamawa chithunzi chilichonse chidzapatsidwa nambala, maina n'kutsala kwa mlembi yekha.

Wa ngolo ya thonje musamuiwale chifukwa choti sanadandaule. Mpata wake ndi waukulu, malikisi 8 pansi pa wachiwiri, ndipo ayenera kumva chimene chinalakwika mwa dzina lake. Kunena kuti chithunzi "sichinaoneke bwino" n'kusanena kanthu, chifukwa matenda ake alipo angapo ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Kulitsani chithunzicho pa kompyuta muyang'ane. Zonse zikakhala zokwekwereka mbali imodzi, ngolo, ng'ombe ndi mitengo yomwe, ndiye kuti dzanja linagwedezeka. Izi zimachitika kwambiri madzulo, chifukwa kuwala kukachepa kamera imatsegula diso lake nthawi yotalikirapo. Mitengo yakumbuyo ikakhala yakuthwa koma nkhope ya woyendetsa ngolo ili mbuu, ndiye kuti kamera inalunjika polakwika. Thambo likakhala lowala bwino koma munthu ndi ng'ombe zili bii, ndiye kuti anajambula moyang'anizana ndi dzuwa, kamera n'kuyeza kuwala kwa kumwamba. Muuzeni chimodzi chokha, chachikulu, ndi chochita chake: kutsamiritsa chigongono pa chinthu cholimba, kugunda chala pankhope pa sikirini asanajambule, kapena kusuntha kuti dzuwa likhale cham'mbali.

Nthenda ina si ya wojambula konse, ndi ya njira yotumizira. Mukakulitsa n'kuona timabokosi ting'onoting'ono m'mphepete mwa zinthu, chithunzicho chinafinyidwa. WhatsApp imachepetsa chithunzi chotumizidwa mwa nthawi zonse mpaka mapikiseli pafupifupi 1,600 mbali yaitali, pamene kusindikiza bwino pa pepala la A4 kumafuna pafupifupi 2,480 ndi 3,508. Chotumizidwa ngati Document chimafika chathunthu. Ngati malamulo anu sananene njira yotumizira, ndipo ena anataya malikisi chifukwa cha kufinyidwaku, kulakwa n'kwa komiti, ndipo kalata ivomereze. Ana a kumidzi yakutali ndi boma, kumene netiweki imavuta, ndiwo amapwetekeka kwambiri ndi zimenezi.

Wofufuta mtengo wa magetsi uja nkhani yake ndi ina. Iye sanakhale womaliza, anachotsedwa, ndipo ziwirizi zisasakanizike. M'kalata ya onse mungolemba kuti chithunzi chimodzi chinachotsedwa chifukwa chophwanya lamulo loletsa kuchotsa kapena kuwonjezera zinthu, popanda dzina. Iye mumulembere yakeyake: lamulo lake ndi ili, chimene tinaona ndi ichi, mwina waya wolendewera m'mwamba wopanda mtengo, kapena mthunzi pansi wopanda mwini. Mpatseni masiku oti abweretse chithunzi choyambirira ngati akutsutsa. Muuzeninso kuti si iye yekha. Mu 2015 a World Press Photo anachotsa chimodzi mwa zisanu zilizonse za zimene zinafika pafupi ndi ndime yomaliza, atayerekeza ndi zithunzi zoyambirira n'kupeza kuti zinasinthidwa mopitirira malire. Koma fufuzani kaye ngati lamulo limenelo linalembedwadi m'chilengezo chanu. Ngati silinalembedwe, mwamulanga ndi lamulo limene sanauzidwe, ndipo chithunzi chake chiyenera kubwerera kwa oweruza.

Kalata yonse isapitirire masamba awiri. Pamwamba malamulo ndi mmene oweruza anagwirira ntchito. Pakati atatu oyamba, aliyense ndime yake yonena chimene chinamuika pamwamba pa womutsatira. Otsalawo musawayale poyera kuyambira wachinayi mpaka womaliza, chifukwa mwana amene dzina lake lili pansi penipeni pa pepala lomatidwa pakhoma sadzabweranso. Aliyense alandire kapepala kake ka malikisi atatu, chinthu chimodzi chimene anachita bwino ndi chimodzi choti akonze. Oweruza onse atatu awerenge kalatayo isanatuluke, kuti pasapezeke wina wonena kumsika kuti iye sanagwirizane nazo. Pomaliza ikani tsiku lomaliza lolandira madandaulo, ndipo nenani amene adzawayankhe.

Mnyamata wa Tuwimba mwina sadzakondwa ngakhale mutalemba bwino chotani, ndipo kumukondweretsa si ntchito ya kalatayi. Koma wakutsina khutu ndi mnansi: dandaulo lake lakuonetsani kuti maina ayenera kubisika ndipo mphunzitsi asaweruze mwana wa pasukulu pake. Muthokozeni pa chimenecho m'kalata momwemo. Lero lino, aphunzitsi, pitani mukatenge mapepala a oweruza, muchotse malikisi a woweruza wokayikiridwa uja, muwerengenso. Pepala lachinayi muliyambe mutaona yankho.