Amadandaula kumene inu kulibe

Aphungu,
Ndimapanga chiponde kunyumba ndipo ndimapereka m'magolosale 12. Mwezi watha atatu anasiya kuoda osanena chifukwa. Mlamu wanga ndiye anandiuza kuti pa gulu lina la amayi pa Facebook anthu akhala akudandaula kwa milungu itatu kuti mabotolo anga amadontha mafuta. Kwa ine palibe anabwera. Ndingamamve bwanji zoterezi msanga? Ndalama zogulira mapulogalamu ndilibe.
Mayi wa ku Kawale, Lilongwe

Mayi,
Musadabwe kuti kwa inu sanabwere. Munthu amene chiponde chamuthimbiriritsa chikwama amauza anzake, kenako amangogula cha wina. Choncho ntchito yanu ndi kupita kumene akulankhulako, ndipo pa bizinesi ya kukula ngati yanuyi, foni ndi kope zikwanira.

Yambani ndi mawu ofufuzira. Anthu salemba dzina la katundu monga lilili pa botolo. Ena amaika r pamene pali l, ena amalidula pakati, ena salitchula n'komwe, amangoti "chija cha chivindikiro chofiira". Lembani kalembedwe kalikonse kamene mungaganize, ndipo Lolemba ndi Lachinayi muzifufuza pa Facebook ndi TikTok dzinalo palokha, kenako pamodzi ndi mawu ngati chiponde, peanut butter, chowawa, kudontha. Mulowenso m'magulu a zophika ndi a malonda a m'dera lanu, chifukwa zolembedwa m'gulu lotsekedwa amaziona ndi mamembala okha.

Ena akuuzani za Google Alerts. Ndi yaulere, ndipo mukaika dzina lanu pakati pa zizindikiro " " imakutumizirani imelo likatuluka m'nyuzipepala ya pa intaneti. Koma musaidalire. Zambiri za pa Facebook siziona, ndipo za pa WhatsApp palibe pulogalamu imene ingakuwerengereni, ngakhale yodula. Kumeneko makutu anu ndi anthu: eni magolosale 12 aja. Tsiku lopereka katundu musamafunse kuti "zikuyenda?" chifukwa yankho lake ndi "zikuyenda". Funsani kuti, "Sabata ino wabweza botolo ndani, ndipo anati chiyani?"

Tsopano kope, pamene pagona nkhani yonse. Chilichonse chimene mwamva chikhale ndi mzere wake: tsiku, kumene mwachimva, mawu enieni a munthuyo, golosale imene anagula, ndi tsiku limene botololo linapangidwa. Ngati simulemba tsiku lopangira pa botolo, yambani mawa, poti popanda ilo dandaulo silingakulozereni kumene kwalakwika.

Tiyerekeze kuti m'milungu iwiri mwalemba mizere 14. Choyamba werengani anthu, osati mauthenga. Mwina isanu ndi ya mayi mmodzi wokwiya amene walemba m'magulu atatu, ndiye kuti anthu ndi 10. Mwa iwo, 6 akunena za kudontha. Mukaona masiku, mupeza kuti mabotolo onse 6 ndi a sabata imene munasintha kogula zivindikiro. Apa simufunika kusintha kaphikidwe kapena kutsitsa mtengo. Vuto ndi chivindikiro, ndipo mukudziwa magolosale oti mukachotseko katundu. Akanakhala kuti onse 6 anagula pa golosale imodzi koma masiku opangira ndi osiyana, ndikanati kaoneni ngati mabotolowo amagonekedwa chammbali kapena amakhala padzuwa.

Atatu ena tinene kuti akudandaula za mafuta oyandama pamwamba. Chiponde chosathiridwa zolimbitsa chimatero, si kuwonongeka ayi. Koma anthu atatu osadziwana akafunsa chimodzimodzi, lebulo yanu ndiyo yalephera kunena, ndiye onjezanipo kuti "takasani musanadye". Malingaliro atsopano amabwera chomwechi, mobisala m'mafunso ngati "kulibe kabotolo kakang'ono?" kapena "chopanda shuga chilipo?" Funso likabwerezedwa ndi anthu osiyana kwa mwezi wathunthu, yesani mabotolo 20 muone.

Wakhumiyo ndiye ndimamuopa. Ngati munthu mmodzi yekha wati chiponde chikuwawa kapena chikununkha chuku, musadikire wachiwiri. Mtedza wachuku ukhoza kukhala ndi poizoni wa afulatokisini amene amawononga chiwindi, ndipo kukazinga sikumuthetsa. Imitsani katundu yense wa tsiku limenelo, onani mtedza wotsala m'thumba, ndipo pititsani botolo ku Malawi Bureau of Standards akaliyeze.

Mukatsimikiza kuti vuto ndi zivindikirodi, poyankha pagulu lembani kamodzi, mwachidule: pepani, tapeza kuti vuto ndi zivindikiro, bweretsani botolo tikusinthireni. Musatume achibale kuti akayamikire chiponde chanu ngati makasitomala, chifukwa anthu amazindikira msanga. Magolosale atatu aja muwapitire nokha sabata ino, mutanyamula botolo la chivindikiro chatsopano, mulitembenuze chadodolido pa kauntala iwo akuona.