Phunziro 14: Foni, Sikelo ndi Khadi la Mwana

Masiku ano m'misika ya ku Moatize ndi ku Zobue mafoni akugulitsidwa ngati tomato. M'mafoni akuluakulu aja, amene timakhudza ndi chala, mumalowa mapulogalamu a amayi oyembekezera. Pulogalamu yotere imawerenga masabata a pakati, ndipo mwana akabadwa imasunga makilogalamu ake. Inu amene muli ndi pakati poyamba, ndiponso inu abambo ake, muyenera kudziwa chimene pulogalamuyi ingathe ndi chimene singathe.

Tiyambe ndi tsiku lochira. Pulogalamu imafunsa funso limodzi: kodi msambo wanu womaliza unayamba tsiku liti? Mukayankha, iyo imawonjezapo masiku 280, ndiwo masabata 40. Foni siona m'mimba ayi. Imangowerenga masiku, monga mmene inu mungawerengere pa kalendala.

Tiyerekeze mayi wina wa ku Zobue. Msambo wake womaliza unayamba pa 10 Malichi. Pulogalamu idzamuuza kuti adzachira pa 15 Disembala. Koma ana ambiri sabadwa pa tsiku lenilenilo. Mwana wokhwima angabadwe nthawi iliyonse kuyambira sabata la 37 mpaka la 42. Kwa mayi ameneyu sabata la 37 likukwana pa 24 Novembala. Limeneli ndilo tsiku loti alembe pakhoma. Pofika tsikulo nsalu zikhale zochapa, ndalama ya ulendo ikhale pambali, ndipo ngati kwawo ndi kutali akhale atapita kuchidikiro, pafupi ndi chipatala. Mwezi wa Disembala mvula imakhala itayamba, ndipo mitsinje ikadzaza njinga siwoloka.

Polemba tsiku chenjerani. Ife tikalemba 10/3 timatanthauza pa 10 Malichi. Anthu a ku Amereka amayamba ndi mwezi, choncho pulogalamu yawo ingawerenge kuti ndi pa 3 Okutobala. Mukatha kulemba, onani ngati dzina la mwezi latuluka bwino. Ngati tsiku la msambo simukulikumbuka, musangolota. Anamwino ali ndi njira zawo zopimira kukula kwa mimba, ndipo mawu awo ndiwo mutsate.

Mapulogalamu ambiri anapangidwira maiko amene kulibe malungo. Adzakuuzani kuti sabata lino mwana wafanana ndi chipatso chakuti, koma sadzatchula udzudzu. Kuno ku Tete malungo amachepetsa magazi a mayi, ndipo amachititsa kuti mwana abadwe wochepa thupi. Nchifukwa chake kusikelo amapereka neti, mapiritsi owonjezera magazi, ndi Fansida, amene amayamba kumwedwa pakati pakakwana masabata 13, kamodzi pa mwezi. Amapimanso kuthamanga kwa magazi, chindoko ndi kachilombo koyambitsa Edzi. Foni singachite ngakhale chimodzi mwa izi. M'chaka cha 2016 Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse linalangiza kuti mayi woyembekezera aonane ndi azaumoyo kasanu ndi katatu, ndipo ulendo woyamba ukhale m'masabata 12 oyambirira.

Amene ali ndi kafoni ka mabatani asadandaule. M'chaka cha 2017 Unduna wa Zaumoyo wa Mozambique unayambitsa njira yotchedwa PENSA. Munthu amalemba `*660#` pafoni, nasankha mutu umene akufuna, mwaulere. Uthenga wake umabwera m'Chipwitikizi, choncho mungawerenge pamodzi ndi mnzanu wa m'kalasi muno.

Tsopano mwana wabadwa. Kuchipatala akupatsani khadi la mwana. Pakhadipo pali mizere yokwera ngati njira ya kuphiri. Mizere yotere inachokera ku bungwe lomwe lija m'chaka cha 2006, atapima ana oyamwa a m'maiko asanu ndi limodzi, ndipo limodzi mwa maikowo linali Ghana. Pulogalamu yabwino imatsata mizere yomweyi. Anyamata ali ndi mizere yawo, atsikana yawonso, motero musankhe bwino polemba. Onaninso zilembo zimene zili pambali pa nambala. Zikakhala `kg` zili bwino. Zikakhala `lb`, amenewo ndi mapaundi, ndipo kilogalamu imodzi ndi mapaundi 2.2. Mukalemba 6 pamalo a mapaundi, foni idzayesa kuti mwana wanu sakufika ndi makilogalamu atatu omwe, nikuopsezani pachabe.

Masiku oyambirira mwana amatsika pang'ono. Zimenezi si matenda. Pakatha masabata awiri amakhala atabwerera pamene anabadwira.

Mayi uja wabereka mtsikana wa makilogalamu 3.0. Pa miyezi iwiri sikelo inaonetsa 4.9. Pa miyezi itatu inaonetsa 5.6. Pa miyezi inayi inaonetsa 5.7. Mayi analemba 5.7 m'foni, ndipo foni inayankha kuti mwana ali bwino. Sinaname kwenikweni, pakuti mtsikana wa miyezi inayi amayesedwa wopepuka kwambiri akakhala pansi pa 5.0. Koma anamwino sanaone nambala imodzi yokha. Analumikiza timadontho tonse pakhadi, naona kuti mzere wagona. M'mwezi umenewo mtsikana amawonjeza pafupifupi magalamu 600. Uyu anawonjeza 100 okha.

Mwana wa mnansi wake, mtsikananso, anali ndi 4.6 pa miyezi itatu ndi 5.2 pa miyezi inayi. Ndi wopepuka kuposa woyamba uja, koma mzere wake ukukwera. Wodetsa nkhawa ndi wa 5.7, osati wa 5.2.

Anamwino anafunsa kuti, “Amayi, mwanayu akuyamwa kangati?” Mayi anayankha kuti, “Ndayambiranso geni kumsika, ndiye masana amatsala ndi agogo ake. Akalira amampatsa madzi ndi phala lamadzimadzi.” Vuto linali pamenepo. Mimba ya khanda ndi yaing'ono. Phala likalowa, mkaka umasowa malo, chonsecho phalalo lilibe mphamvu ngati mkaka. Mwana akamayamwa pang'ono, mkaka wa mayi umachepanso. Agogo sanachite mwankhanza, anangomva chisoni mdzukulu akulira. Anamwino anati mwana ayamwe bere lokha mpaka miyezi isanu ndi umodzi, kasanu ndi katatu kapena kupitirira, usana ndi usiku, ndipo mayi azipita naye kumsika kumbuyo. Anamuuzanso tsiku lobwera kudzapimitsanso. Mzere ungagonenso chifukwa cha kutsegula m'mimba, malungo kapena chifuwa, ndipo zimenezi amazipeza ndi munthu amene wamgwira mwanayo m'manja.

Nambala yolemba m'foni ichokere pa sikelo ya kuchipatala. Sikelo ya chimanga siona magalamu 100. Khadi muzilisunga m'pepala la pulasitiki, chifukwa foni imatha moto, imabedwa, imagwa m'madzi, pamene khadi anamwino aliyense angaliwerenge.

Pali zizindikiro zimene sizifuna kufunsa foni. Mayi woyembekezera akataya magazi, akamva mutu waukulu ndi kuona zidima, akatupa nkhope ndi manja, akatentha thupi, kapena mwana akasiya kugunda m'mimba, apite kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Chimodzimodzinso khanda likakana bere, likakomoka, likatentha thupi kapena likamapuma mobanika.

Mafunso ndi ntchito

1. Mayi wauzidwa kuti adzachira pa 30 Juni. Chotsani masiku 21. Kodi akhale wokonzeka kuyambira tsiku liti?
2. Mwana anali ndi makilogalamu 6.1 mwezi watha, lero ali ndi 6.2. Wawonjeza magalamu angati?
3. Kambiranani: mayi wochita geni angawauze bwanji apongozi ake, mwaulemu, kuti phala lidikire?
4. Mawa aliyense abwere ndi khadi la mwana wa kwawo, tidzawerenge mizere pamodzi.