Kalata ya ku Chitipa: Ashari ndi Maturidi amasiyana pati?

Bambo athu a ku Chitipa, mwafunsa ngati awa ndi magulu odana. Ayi ndithu, onse ndi Asunni. Asilamu ambiri kuno amatsata Imamu Shafii, ndipo chiphunzitso cha Ashari chimayendera limodzi ndi njira imeneyo. Abale athu Achimwenye ambiri ndi Ahanafi, omwe amatsamira kwa Maturidi wa ku Samarkand, amene anamwalira mu 944.

Tiyerekeze agogo ena kumapiri a Misuku kalekale, uthenga wa mneneri aliyense usanawafike. Ashari akuti agogowa alibe mlandu, pakuti udindo umayamba chivumbulutso chikafika, ndipo chabwino ndi choipa timachidziwa poti Mulungu walamula kapena waletsa. Maturidi akuti agogowa nzeru anapatsidwa. Poona mvula, mapiri ndi kubadwa kwa mwana, anayenera kuzindikira kuti kuli Namalenga. Koma Swala ndi kusala kwa Ramadani, nzeru payokha singazitulukire. Apa onse akugwirizana.

Nanga wogula khofi amene wabera mlimi pa sikelo? Onse awiri akuti Mulungu ndiye amalenga zochita. Ashari akuti munthuyo amangodzitengera chochitacho, chimene amati kasibu, ndipo mphamvu yake siyilenga kanthu. Ophunzira ambiri amavutika pamenepa: mlandu ukuchokera kuti? Maturidi amalimbikira kuti kusankhako, pamene mtima watsimikiza kubera, n'kwa munthuyo kwenikweni, kenako Mulungu amalenga chochitacho. Ine kufotokoza kumeneku ndimakumva msanga, bambo, ngakhale onse akuti wakubayo adzayankha yekha.