Za Kugunda kwa Mwana m'Mimba pa Miyezi Yotsiriza

M'midzi mwathu muli mau amene amai oyembekezera auzidwa kawiri kawiri, akuti mwana akayandikira kubadwa aleka kugunda, pakuti malo amcepera, ndiponso alikusunga mphamvu za tsiku lobadwa. Mau amenewa sali oona, ndipo acedwetsa amai ambiri pa tsiku limene anayenera kufulumira. Cifukwa cace tiphunzire bwino cinthu ici, amai ndi amuna ao pamodzi, ndi agogo omwe.

1. Magundidwe a mwana wamoyo bwino

Amai ambiri ayamba kumva mwana pakati pa masabata 16 ndi 24 a mimba. Kuyambira pomwepo kugunda kunka kucuruka kufikira masabata 32, ndiyo miyezi isanu ndi iwiri, ndipo kukafika apo kukhala comweco kufikira tsiku lobadwa. Ngakhale pa nthawi ya kucira mwana alikugundabe. Cimene cisinthika ndico mamvekedwe ace: popeza mwana wakula, mai amva kukankha ndi kugubuduka koposa kupalasa kwa kale, koma kucuruka kwace ndi mphamvu yace sizicepa ai.

Mwana agonanso tulo m'mimba, usana ndi usiku, ndipo pogona sagunda. Tulo take tikhala ta mphindi 20 kufikira 40, ndipo sitipitirira mphindi 90 kawiri kawiri. Cotero kukhala cete kwa theka la ora sikuopsa, koma kukhala cete kuyambira m'mawa kufikira madzulo sindiko tulo.

Kodi tsono mwana agunde kangati pa tsiku? Palibe ciwerengero cimodzi coyenera ana onse, monga ana obadwa kale asiyana, wina wojijirika, wina wofatsa. Muyeso weni weni ndiwo cizolowezi ca mwana wanu. Ana ambiri agunda koposa madzulo ndi usiku. Mai inu, mukafika masabata 28, dziwani nthawi zimene wanu agunda, ndi mphamvu imene agunda nayo, kuti tsiku limene asintha mudzazindikire msanga.

2. Cifukwa cace mwana acepetsa kugunda

Mwana m'mimba alandira cakudya ndi mpweya kucokera m'mwazi wa amai wace, kudzera m'nsengwa ndi mcombo. Nsengwa ikayamba kulephera nchito yace, mwana asowa mpweya, ndipo aleka kugunda kuti asunge wocepawo ukathandize mtima ndi bongo. Acita monga munthu wanjala amene aleka kuyenda-yenda nakhala pansi. Zimene ziononga nchito ya nsengwa ndizo nthenda ya kuthamanga kwa mwazi, malungo, ndi fodya. Kucepa kwa mwazi wa mai kumsowetsanso mwana mpweya, ndipo mowa ndi mankhwala ogonetsa zimlefula.

Zindikirani ici: mtima wa mwana ukhoza kugundabe nthawi yaitali iye ataleka kusewera. M'nthawi imeneyo anamwino akhoza kumpulumutsa. Amai ambiri amene ana ao anabadwa akufa ananena pambuyo pace kuti anamva kugunda kulikucepa masiku apitawo, koma anayembekeza.

3. Cocita mai

Ngati mudziwa ndithu kuti mwana wacepetsa kugunda, kapena agunda mofoka, kapena waleka konse, musawerenge kanthu, musayembekeze kuce. Pitani ku cipatala nthawi yomweyo, ungakhale uli usiku kapena tsiku la Sabata, lingakhale tsiku lanu la sikelo liri pafupi.

Koma nthawi zina mai akaika, pakuti anatanganidwa kumunda kapena pamtondo, ndipo munthu woimirira ndi wogwira nchito samva bwino kugunda. Pamenepo pokha mukhoza kuyesa cotere. Tengani njere khumi za cimanga, gonani camanzere pamalo pa cete, ndipo yang'anani nthawi. Mwana akagunda, kapena kukankha, kapena kugubuduka, ikani njere imodzi pambali. Musawerenge kudumpha kwakung'ono kobwereza-bwereza mofanana ngati cidikwidikwi. Maora awiri akatha njere khumi zisanathe, nyamukani. Zikatha njere, koma muona kuti mphamvu yace siiri ya masiku onse, nyamukaninso. Musataye nthawi ndi kumwa madzi ozizira kapena thobwa kuti mumdzutse, ndipo musamwe mankhwala a zitsamba kapena kusisita mimba.

Ngati pamodzi ndi kucepa kwa kugunda pali kutaya mwazi, kusweka kwa nsupa, kupweteka kwa mimba kosaleka, mutu waukuru, cizumbazumba m'maso, kutupa kwa nkhope ndi manja, kapena kutentha thupi, kuyesa kwa njere kulibe malo.

4. Citsanzo

Tiyerekeze mai wa masabata 36, amene mwana wace azolowera kugunda kwambiri mbanda kuca ndi atatha kudya nsima ya madzulo. Tsiku lina alima m'mawa monse, ndipo pobwera masana akumbukira kuti mbanda kuca sanamva kanthu, koma akaika, kapena anali m'tulo. Agona camanzere pa 1 koloko. Pofika 3 koloko waika pambali njere zinai zokha, ndipo kugundako nkofoka. Apongozi ace ati, Mwana alikupumula, tidzaona mawa. Koma mwamuna wace afuna njinga, ndipo afika ku cipatala dzuwa lisanalowe.

Namwino ayamba ndi kumvetsera mtima wa mwana. Mtima wa mwana m'mimba uyenera kugunda ka 110 kufikira ka 160 pa mphindi imodzi; uyu ugunda ka 140. Mwana ali moyo, koma namwino salekera pomwepo. Ayesa msinkhu wa mimba ndi cingwe coyesera. Pa masabata 36 uyenera kukhala pafupi ndi masentimita 36, koma apeza 31. Ndiko kuti mwana kapena sanakula bwino. Ayesa kuthamanga kwa mwazi wa mai napeza 150 pa 100, pamene malire ace ndiwo 140 pa 90. Ayesanso mkodzo, nayesa malungo. Poona zonsezi atumiza mai ku cipatala cacikuru usiku womwewo, kumene aunika mimba ndi makina kuti aone kukula kwa mwana ndi kucuruka kwa madzi omzinga. Pamenepo dotolo aweruza ngati mai agone m'cipatala ndi kuyang'aniridwa, kapena acire msanga, pakuti mwana wa masabata 36 amene nsengwa yamlephera akhoza kukhala bwino kunja koposa m'kati.

5. Mukabwezedwa kwanu

Mwa amai khumi amene apita ku cipatala kamodzi cifukwa ca ici, ngati asanu ndi awiri apezeka opanda cobvuta, nacira bwino pa nthawi yace. Mai wotere asacite manyazi, ndipo a kwao asamtonze kuti waononga ndalama za ulendo. Koma kuyesa kwa namwino kunena za tsiku lomwelo lokha. Kugunda kukacepanso mawa kapena sabata la mawa, bwererani, ndi kumuuza kuti aka nkaciwiri, pakuti mwana wocita cotero kawiri kapena katatu ayenera kuunikidwa mosamalitsa koposa.

Inu amuna, konzeranitu njinga kapena galimoto, nyali, ndi ndalama za ulendo, mimba isanafike miyezi isanu ndi iwiri. Ndipo ngati mudzi uli kutali ndi cipatala, funsani anamwino za kukakhala ku cidikiro m'mwezi wotsiriza. Mkazi wanu akati, Lero mwana sagunda monga masiku onse, mumkhulupirire, pakuti palibe wina adziwa magundidwe a mwanayo koma iye yekha.